Mwagwa pulakitiko ndi malikisi ochepa chifukwa mayeso sanayende bwino? Kalata ya apilo ilembeni chonchi

Bungwe lopereka satifiketi silimakhozetsa munthu chifukwa choti walira momvetsa chisoni, kapena choti anatsala pang'ono kukhoza. Amene wapeza 47 pomwe pamafunika 50 kwa iwo ndi wolephera basi, chimodzimodzi amene wapeza 20. Chimene chimawachititsa kutsegulanso failo ndi chimodzi, mukawaonetsa kuti malamulo awo omwe a kayendetsedwe ka mayeso sanatsatidwe tsiku limenelo, ndipo kuti kusatsatako nkumene kunakudyerani malikisi mwasowawo. Nde kalata yonse izizungulira pamenepo. Izi zikugwira ntchito kaya munayesedwa zowotcherera, zamagetsi, zomanga, zosoka pansi pa TEVETA kapena mayeso a aluso aja a giredi 3, 2 ndi 1, kaya ndi pulakitiko ya unamwino, kalembedwe kake ndi kamodzi, kusiyana ndi adiresi komanso masiku amene amakupatsani.

Kuti timvane bwino titenge chitsanzo chimodzi chongoyerekeza ndipo tiyenda nacho mpaka kumapeto. Mnyamata wa ku Chibavi akuyesedwa zowotcherera. Pepala la malangizo likuti maola 3, kuyambira 8:00 mpaka 11:00, awotcherere zinthu ziwiri, choyamba mapuleti awiri olumikiza chafulati, chachiwiri joini ya T. Ili 9:10 magetsi athima. Jenereta ayilizitsa 9:50, ndipo poti singakoke makina onse nthawi imodzi anthu ayamba kudikirirana. Ikukwana 11:00 invijileta akuti aliyense asiye. Joini ya T yawotchereredwa mbali imodzi yokha, sanagogode silagi, zouma zija zimatsalira pamwamba pa weludi, sanapukute ndi burashi. Zotsatira zatuluka, 47, pokhoza ndi 50.

Musanagwire cholembera, onani ngati muli ndi nkhani ya apilo

Apa mpomwe anthu amadzinamiza. Pali kusagwirizana ndi maso a woyesa, ndiye pali kuphwanyidwa kwa ndondomeko, ndipo ziwirizi mabungwe amaziona mosiyana kwambiri. Mukalemba kuti joini yanga inali yabwino koma anandimana malikisi, mukulimbana ndi luso la woyesa, ndipo komiti iliyonse imaikira kumbuyo woyesa wake pa zimenezo chifukwa iye ndi amene anaona chitsulocho, inu ndi mwini nkhani basi. Koma mukalemba kuti pepala linati maola 3 ndipo ine ndinagwira ntchito maola 2 ndi mphindi 20, imeneyo si nkhani ya maganizo a munthu, ndi wotchi, aliyense atha kutsimikiza.

Zinthu zimene zimalowa mgulu la ndondomeko ndi monga nthawi yochepetsedwa osabwezedwa, chipangizo chimene malo oyesera amayenera kupereka koma chinali chakufa kapena kunalibe, kupatsidwa drowing'i kapena malangizo osiyana ndi anzanu, kusintha malangizo pakati pa mayeso, kuyesedwa ndi munthu mmodzi pomwe malamulo akuti akhale awiri, kapena ntchito yanu kusokonezedwa nambala ndi ya wina. Zoti munali ndi mantha, minibasi inachedwa pa Katoto, simunagone chifukwa cha maliro, zimenezo ndi zomvetsa chisoni ndithu koma si kulakwa kwa oyendetsa mayeso, musaziikemo, zimangofooketsa mfundo yeniyeni.

Palinso zina zapakatikati zomwe muyenera kuziyeza bwino. Mnyamata wathu uja akudandaulanso kuti marodi amene anawapatsa anali achinyezi, ndipo kuno ku Mzuzu ndi mvula yathuyi zimenezo nzotheka kwambiri, rodi ikakhala pamalo onyowa imathetheka mokwiya ndipo weludi imatuluka ndi timabowo. Vuto ndi loti timabowo tomweto timabweranso ngati munthu akutalikitsa rodi kuchoka pa chitsulo kapena sanatsuke dzimbiri ndi mafuta pa puleti, nde komiti ingoti ndi dzanja lako limenelo, ndipo ikakugwira pa mfundo yofooka imodzi imayamba kukayikira ndi yamphamvu yomwe. Ine ndikanamulangiza kuti za marodi azisiye, pokhapokha ngati anthu angapo anadandaula tsiku lomwelo ndipo zinalembedwa. Mfundo imodzi yoti sangaigwedeze imaposa zisanu zogwedera.

Pezani malamulo awo ndi tsiku lomaliza, lero lomwe

Apilo imakhala ndi masiku ake ndipo amakhala ochepa, kawirikawiri amayamba kuwerengedwa tsiku limene zotsatira zatuluka osati tsiku limene inu mwazimva. Ndiye musamadikire kuti mtima ukhale kaye pansi. Pitani kwa amene amayang'anira za mayeso pa koleji kapena pa senta yomwe munayesedwera mukafunse zinthu zinayi: apilo imapita kwa ndani ndi udindo wake weniweni, pali fomu yapadera kapena ndi kalata chabe, pali ndalama yolipira, ndipo tsiku lomaliza ndi liti. Funsaninso ngati kalata imayenera kudzera kwa mkulu wa senta, chifukwa mabungwe ena salandira chochokera kwa ophunzira mwachindunji ndipo mukadumpha amangoibweza masiku akutha. Pemphani buku la malamulo a mayeso kapena pepala la malangizo kwa oyesedwa, mujambule ndi foni tsamba limene likunena za nthawi, za zipangizo komanso zoyenera kuchitika mayeso akasokonezeka. Chiganizo chimenecho ndi msana wa kalata yanu, mudzachikopera ndendende ndi nambala ya ndime yake.

Akakuuzani zapakamwa kuti aa zimenezo sizitheka, ingolembetsaninso chaka chamawa, musakangane nawo. Thokozani, koma kalata mulembebe. Yankho lapakamwa la munthu wa pa windo si chigamulo cha bungwe.

Umboni, ndipo apa musafulumire

Khalani pansi mulembe zonse zimene zinachitika motsatana ndi nthawi yake, mutu ukadali kukumbuka. Tsiku, chipinda kapena wekishopu, nambala ya benchi kapena makina, nthawi yoyamba, nthawi imene vuto linayamba, amene munamuuza, chimene anayankha, nthawi imene anakusiyitsani. Pomwe simukukumbuka mphindi yeniyeni lembani kuti cha m'ma 9:10, osapeka nambala yooneka yolondola, chifukwa invijileta naye ali ndi lipoti lake ndipo zikasiyana kwambiri wabodza adzaoneka ndinu.

Lipoti limenelo ndiye chinthu chofunika kuposa zonse. Pa mayeso oyendetsedwa bwino, chachilendo chilichonse chimayenera kulembedwa ndi woyang'anira, nde mu kalata mudzapempha komiti kuti iyitanitse lipoti la tsikulo, pepala la malikisi anu lomwe likuonetsa gawo ndi gawo, komanso kuti ntchito yanu isungidwe. Chomalizachi anthu amaiwala eti, koma zitsulo zoyeserera sizikhalitsa, zimadulidwa nkupatsidwa kalasi ina kuti iphunzirirepo kapena zimapita ku sikirapu, thabwa limasanduka china, khoma loyeserera amaligwetsa kuti njerwa zigwirenso ntchito. Ngati joini ya T yowotcherera mbali imodzi ija ikadalipo ndi nambala yake, ikuyankhula yokha kuti munthuyu nthawi inamuthera, sikuti sadziwa kuwotcherera, makamaka ngati mbali yomwe anamaliza ili bwino.

Kenako mboni. Anzanu amene munali nawo chipinda chimodzi alembe aliyense payekha, ndime imodzi, mmawu akeake, dzina, nambala ya mayeso, siginecha ndi tsiku. Musawalembere chinthu chimodzi kuti onse angosaina, zimaoneka zopangana. Ndipo mboni yabwino kwambiri ndi amene anakhoza, chifukwa palibe chimene akupindula, nde ngati muli ndi mnzanu amene wakhoza koma akuvomera kuti magetsi anathima mphindi 40 ndipo nthawi sinawonjezedwe, mugwireni bwino ameneyo. Ena amaopa kuti zotsatira zawo zifufutidwa, musawakakamize, awiri ofuna okha ndi okwanira. Mauthenga a pa gulu la WhatsApp la kalasi a tsiku lomwelo, aja wina amalemba kuti koma lero atipweteka ndi jenereta, nawonso ndi umboni chifukwa ali ndi tsiku ndi nthawi ndipo analembedwa zotsatira zisanatuluke. Koma chenjerani ndi zithunzi kapena vidiyo zojambulidwa mkati mwa mayeso, ngati mafoni anali oletsedwa mukhala mwadzipereka nokha pa mlandu wina woposa umene mukudandaula.

Funso limene adzakufunsani ndithu ndi loti munanena kwa ndani tsiku lomwelo. Ngati munanena, tchulani kuti kwa ndani ndipo anati chani. Ngati simunanene, musaname, fotokozani kuti vutolo linachitika pamaso pa woyang'anira ndipo linakhudza chipinda chonse kotero panalibe chobisika choti akauzidwe.

Kalata yeniyeniyo

Tsamba limodzi, likachuluka limodzi ndi theka. Makalata a maofesi amenewa amalembedwa m'Chingerezi, koma ganizani kaye mfundo zanu m'chilankhulo chimene mumaganizira bwino, kenako muzitembenuze nokha kapena ndi mphunzitsi amene mumamukhulupirira, Chingerezi chosavuta, osati cha maloya chobwereka chimene inu eni simukuchimva. Pamwamba adiresi yanu, nambala ya foni yomwe imagwira, tsiku, udindo wa wolandira, ndipo ngati ikudzera kwa mkulu wa senta mulembe mzere wake woti asainepo. Mutu wa kalata unene kuti ndi apilo, ntchito yake, giredi kapena levulo, tsiku la mayeso ndi nambala yanu ya mayeso, kuti munthu wa ku registire asavutike kupeza failo.

Thupi la kalata ya mnyamata wathu lingayende motere:

> Ndikulemba kuchita apilo pa zotsatira za mayeso anga a pulakitiko a zowotcherera. Ndinapeza malikisi 47 pomwe okhozera ndi 50. Sindikutsutsa mmene woyesa anachongera ntchito imene anaiona. Ndikudandaula kuti mayesowo sanayendetsedwe motsatira malangizo.
>
> Pepala la malangizo, lomwe ndaphatikiza ngati A, likunena kuti woyesedwa apatsidwe maola 3. Tinayamba 8:00. Magetsi anathima cha m'ma 9:10 ndipo jenereta inayamba kugwira ntchito cha m'ma 9:50. Pa mphindi 40 zimenezi palibe makina amene amagwira ntchito. Nditafunsa woyang'anira ngati nthawi iwonjezedwe, anayankha kuti tisiya 11:00 monga mwa pulogalamu, ndipo tinasiyadi 11:00. Choncho ndinagwira ntchito mphindi 140 mmalo mwa 180.
>
> Chifukwa cha ichi sindinamalize ntchito yachiwiri. Joini ya T ndinaiwotcherera mbali imodzi ndipo sindinachotse silagi kapena kuipukuta. Ntchito yoyamba, yomwe ndinaichita magetsi asanathime, ndinaimaliza yonse. Popeza ndinaperewera ndi malikisi 3 okha, ndikukhulupirira kuti nthawi yotayikayo ndi imene inasintha zotsatira.
>
> Ndikupempha kuti ndiyesedwenso pulakitiko imeneyi popanda kulipiranso, ndi nthawi yonse yokwanira, ndipo kuti mayeso apitawa asawerengedwe kuti ndinalephera. Ndikupemphanso kuti komiti ione lipoti la woyang'anira la tsikulo ndi pepala la malikisi anga, kuti ntchito zanga ziwiri zisungidwe mpaka apilo itatha, ndipo kuti chigamulo ndi zifukwa zake ndipatsidwe molemba.

Pansi pake siginecha, dzina, ndi mndandanda wa zophatikiza: A pepala la malangizo, B zotsatira, C ndi D makalata a mboni, E risiti ya apilo ngati inalipo.

Taonani ndime yachitatu ija, ndi yomwe anthu ambiri amailumpha ndipo ndi yomwe imapha kapena kupulumutsa apilo. Kungoonetsa kuti panali chisokonezo sikokwanira, komiti idzafunsa kuti nanga ena anakhoza bwanji chipinda chomwecho. Nde muyenera kulumikiza vutolo ndi malikisi enieni amene anatayika. Mnyamatayu akuti gawo limene ndinalichita zinthu zili bwino ndinalimaliza, gawo limene linagwa mu nthawi ya chisokonezo ndi lomwe lili losatha, ndipo mpata wake ndi 3 basi. Apa ndi pokhapo pamene kuperewera pang'ono kumagwira ntchito, sikupempha chifundo koma kukuonetsa kuti mphindi 40, zomwe ndi kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yonse, zinali zokwanira kusintha zotsatira. Akanapeza 25 mfundo imeneyi sikanayenda. Zoti ena anakhoza sizichotsa kanthu, lamulo linalonjeza maola 3 kwa aliyense osati kwa ochedwa okha.

Taonaninso zimene akupempha. Sakuti mundiwonjezere malikisi 3. Bungwe limene satifiketi yake ikutanthauza kuti munthuyu atha kuwotcherera geti kapena thanki osagwa silingapereke malikisi pa weludi imene sinawotchereredwe, ndipo mukapempha zimenezo mwawapatsa njira yosavuta yokanira. Pemphani chimene angathe kuvomera osaphwanya malamulo awo, kuyesedwanso mwaulere, ndi woyesa wina ngati dandaulo likukhudza woyesayo. Kuchonganso kumapemphedwa pokhapokha ngati vuto lili pa kuwonkhetsa malikisi kapena kusokoneza manambala a ntchito, ndipo dziwani kuti pochonganso malikisi atha kutsikanso.

Mawu ngati tsankho, ziphuphu, amadana nane, asapezeke mu kalatayi ngati mulibe umboni wogwirika. Woyang'anira mumutchule ndi udindo wake ndi zimene ananena, osamuweruza. Ngati munthu anakupemphanidi ndalama kuti mukhoze imeneyo ndi nkhani ina yopita nayo ku ACB, musaisakanize ndi iyi. Komanso pamene apilo ili mkati pewani kulalata pa Facebook ndi maina a anthu, sikirinishoti imayenda kuposa kalata yanu.

Kukapereka ndi kutsatira

Tayipitsani, sindikizani makope awiri, zophatikiza zonse zikhale mafotokope, zenizeni sungani kunyumba. Pokapereka auzeni adinde chidindo, alembe tsiku ndi kusaina pa kope yanu. Popanda chidindo chimenecho tsiku lina adzakuuzani kuti sitinalandire ndipo masiku adzakhala atatha. Ngati likulu la bungwe lili ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo mukutumiza, gwiritsani njira yomwe imapereka risiti ndi nambala yotsatira, osati kungopatsira kondakitala wa basi pa depoti, komanso tumizani kope pa imelo, zonse mu PDF imodzi, tsiku lomwelo. Ikadzera kwa mkulu wa senta funsani tsiku limene yanyamuka, makalata amagona mu thireyi ya munthu mpaka nthawi kudutsa popanda wina kufuna zoipa.

Nthawi imene malamulo awo akunena ikadutsa osayankhidwa, kapena ngati sakutchula nthawi pakatha masabata awiri kapena atatu, lembani kakalata kachikumbutso ka mizere inayi kotchula tsiku limene analandira yoyamba ija. Kuyimba foni nkwabwino koma lembani penapake tsiku ndi udindo wa amene munayankhula naye. Akakuitanani kukaonekera ku komiti tengani failo yonse, nenani zomwezo zili mu kalata, musawonjezere nkhani zatsopano pamenepo.

Akakana, kapena akangokhala chete, funsani kaye ngati pali gawo lachiwiri la apilo mkati mwa bungwe lomwelo ndipo mulitsate, chifukwa kulikonse kumene mungapite kunja adzafunsa ngati munamaliza njira za mkati. Ngati bungwelo ndi la boma kapena linakhazikitsidwa ndi lamulo, ndime 43 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imakupatsani ufulu woti zochita za maofesi zikhale zotsata lamulo ndi ndondomeko yachilungamo, komanso woti mupatsidwe zifukwa molemba pamene chigamulo chikukukhudzani. Nchifukwa chake kalata ija yatsekera ndi kupempha zifukwa molemba, ndipo yankho longoti apilo yanu yakanidwa popanda chifukwa mutha kulibwezera mwaulemu potchula ndime imeneyi. Akamakana kukuonetsani pepala la malikisi anu, pali lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zomwe maofesi akusunga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, mutha kupempha kudzera mmenemo. Kupitirira apo kuli ofesi ya Ombudsman, ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu ndipo kudandaula kumeneko nkwaulere, amaona nkhani za kusayendetsa bwino zinthu mmaofesi ngati zimenezi. Njira ya ku khoti lalikulu yoti liunike chigamulo iliponso koma imafuna kuti muyambe pasanathe miyezi 3 chigamulo chiperekedwe, imadya ndalama, ndipo khoti silichonga weludi, likhoza kungolamula kuti bungwe liionenso nkhaniyo moyenera. Amene akuiganizira akayambe wafunsa ku Legal Aid Bureau.

Chinthu china choti muchite apilo ikuyenda: tsiku lotseka kalembera wa mayeso otsatira siliima chifukwa choti inu mwachita apilo. Ngati likuyandikira yankho lisanabwere ndipo ndalama mungaipeze, lembetsani, kenako tumizani kakalata konena kuti mwalembetsa pofuna kusataya mwayi, apilo yanu ikadalipo, ndipo ikapambana mukupempha kuti ndalamayo ibwezedwe. Risiti yake muikenso mu failo yomweyo.